Aphunzitsi, Mwanayu Musamukanize Madzi

M'sukulu zambiri za pulayimale ku Malawi muli malamulo awiri amene sanalembedwe pa khoma lililonse, koma mwana aliyense amawadziwa. Loyamba ndi lakuti m'kalasi simudyedwa kapena kumwedwa kanthu. Lachiwiri ndi lakuti wofuna kupita kuchimbudzi adikire belu la buleki, ndipo akakweza mkono kawiri m'phunziro limodzi ndiye kuti akuzemba masamu. Malamulowa ali ndi chifukwa chake, pakuti mphunzitsi amene waima yekha pamaso pa ana 80 kapena 100 sangalole kuti aliyense azituluka pomwe wafunira. Koma kwa mwana wodwala matenda a sikoselo, malamulo awiri omwewa akhoza kusandutsa tsiku la sukulu kukhala sabata yathunthu ya pabedi la kuchipatala.

N'chifukwa chake kalata ya mayi yopita kwa mphunzitsi si kalata wamba yopepesera kujomba. Tiyerekeze mayi wa ku Dedza amene mwana wake wamwamuna ali ndi zaka 9, amalemera makilogalamu 25, ndipo wangolowa Sitandade 3. Mwanayo ndi wamfupi poyerekeza ndi anzake, m'maso mwake mumaoneka chikasu pang'ono, ndipo chaka chatha anagonekedwa m'chipatala kangapo. Mphunzitsi wa chaka chino sakumudziwa. Mayiyo ang'amba pepala pakati pa kope, nayamba monga mmene kholo la kuno limayambira, ndi moni ndi ulemu:

"Zikomo aphunzitsi, ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi apabanja. Ine ndine mayi ake a mwana amene wakupatsani kalatayi. Mwanayu anabadwa ndi matenda a magazi otchedwa sikoselo. Si opatsirana, ndipo mutu wake umagwira bwino ngati wa mwana wina aliyense. Ndikupempha zinthu ziwiri: muzimulola kumwa madzi ndi kupita kuchimbudzi nthawi iliyonse osadikira buleki, ndiponso akanena kuti watopa kapena akumva kupweteka, mumukhulupirire ndi kumulola kupuma."

Mphunzitsi wotanganidwa akhoza kuwerenga mawu amenewa n'kuganiza kuti ndi kholo lina lolera mwana mosasatitsa. Kuti asaganize choncho, ayenera kudziwa chimene chikuchitika m'magazi a mwanayo.

M'magazi a munthu muli maselo ofiira amene ntchito yake ndi kutenga mpweya wa okosijeni m'mapapo n'kukausiya m'ziwalo zonse. Chimene chimanyamula mpweyawo mkati mwa selo chimatchedwa himogulobini. Selo labwinobwino ndi lozungulira ndiponso lofewa, moti limatha kudzipinda n'kudutsa m'timitsempha topapatiza kuposa ilo lomwe. Mwa munthu wa sikoselo, himogulobini ndi wa mtundu wina, wotchedwa S. Malinga ngati wanyamula mpweya, savuta. Koma akangotula mpweyawo m'mnofu kapena m'fupa, amayamba kumatana n'kupanga timizere titalititali touma mkati mwa selo. Selolo limakhota n'kuoneka ngati zenga lomwetera udzu, limauma, ndipo limakakamira m'mbali mwa mitsempha. Maselo otere akachulukana pamalo amodzi amatseka njira, magazi saafikanso kutsogoloko, ndipo chiwalo chimene chasowa mpweya chimayamba kupweteka koopsa. Dokotala wa ku Chicago, James Herrick, ndiye analemba koyamba za maselo okhota chonchi mu 1910, atawaona m'magazi a Walter Clement Noel, mnyamata wa ku Grenada amene ankaphunzira udokotala wa mano.

Chimene chimathandiza kumvetsa pempho la mayi uja ndi chakuti kumatanako sikuchitika nthawi yomweyo. Pamapita kanthawi kochepa kwambiri kuchokera pamene selo latula mpweya kufika pamene liyamba kuuma. Ngati m'kanthawi kameneko selolo latuluka m'kamtsempha kopapatiza n'kubwerera kumapapo, limalandiranso mpweya n'kufewa, ndipo palibe chimene chalakwika. Moyo wa tsiku ndi tsiku wa mwana wa sikoselo wagona pa mpikisano umenewu. Chilichonse chimene chimafulumizitsa kumatana, kapena chimene chimachedwetsa kuyenda kwa magazi, chimachititsa kuti maselo ambiri aumire panjira.

Kuchepa kwa madzi m'thupi kumachita zonse ziwiri. Selo likataya madzi, himogulobini wa mkatimo amathithikana, ndipo akathithikana pang'ono chabe nthawi yomatana imafupika kwambiri. Komanso magazi onse amakhala olimbirapo, oyenda mwaulesi. Kuzizira kumafinya mitsempha ya pakhungu ndi ya m'manja ndi m'miyendo, ndiye magazi amachedwa kudutsa. Kuthamanga mopitirira muyezo kumachititsa minofu kukoka mpweya wochuluka m'magazi kwinaku thukuta likuchotsa madzi. Kutentha thupi chifukwa cha malungo kapena chibayo nako kumaumitsa thupi. Zonsezi zimathera pa khomo limodzi.

Pali chinthu china chimene makolo ambiri sanauzidwepo bwinobwino, ndipo ndicho chimayambanitsa ana ndi aphunzitsi awo. Impso za munthu wabwinobwino zikaona kuti madzi achepa m'thupi, zimawasunga: mkodzo umachepa n'kukhala wachikasu kwambiri. Mbali ya mkatikati ya impso, imene imagwira ntchito yosungayi, ndi malo a mpweya wochepa ndi mchere wambiri, amene ndi malo enieni okhotetsa maselo. Ndiye kuyambira ali wamng'ono, mwana wa sikoselo timitsempha ta pamenepo timawonongeka, ndipo impso zake zimalephera kugwira madzi. Amakodza kwambiri ngakhale pa tsiku limene sanamwe mokwanira. Ambiri amakodza pogona mpaka atakula ndithu, ndipo si ulesi kapena mwano.

Apa mphunzitsi wanzeru zake akhoza kulakwitsa ndi mtima wabwino. Akaona mwana akutuluka pafupipafupi, amaganiza kuti vuto ndi botolo lija, ndiye amati: siya kumwamwa madzi ndipo usiya kutulukatuluka. Kwa mwana wina zimenezi zingagwire. Kwa uyu, mkodzo upitirira kutuluka ndithu, ndipo thupi liuma msanga. Mwananso mwini wake akachititsidwa manyazi kamodzi pamaso pa anzake, kapena akadzikodzera chifukwa anakanizidwa kutuluka, amadzipangira yekha lamulo losamwa madzi kusukulu. Mayi ake amangoona botolo likubwerera lodzaza. N'chifukwa chake m'kalata madzi ndi chimbudzi ziyenera kupemphedwa m'chiganizo chimodzi. Kulola chimodzi n'kukaniza chinzake n'chimodzimodzi kukaniza zonse. Ndipo poti mkodzo wake umakhala woyera ngakhale thupi litauma, mtundu wa mkodzo sungadaliridwe ngati chizindikiro. Chofunika kuyang'ana ndi milomo youma, mutu kupweteka, maso kulowa ndi kufooka.

Nanga madzi okwanira ndi ochuluka bwanji? Mawu akuti "azimwa madzi ambiri" sathandiza mphunzitsi, chifukwa aliyense ali ndi "ambiri" wake. Achipatala ali ndi kawerengedwe ka madzi amene thupi la mwana limafuna pa tsiku: lita imodzi pa makilogalamu 10 oyamba, theka la lita pa makilogalamu 10 otsatira, kenako mamililita 20 pa kilogalamu iliyonse yopitirira pamenepo. Kwa mnyamata wa makilogalamu 25 uja, zimenezi zikupereka mamililita 1,600. Kwa mwana wa sikoselo umenewu ndi mlingo woyambira, ndipo pa tsiku lotentha, lamasewera kapena lodwala umakwera kupitirira malita awiri. Mayi akhoza kudzaza botolo la Sobo la malita awiri m'mawa kuti aziona mmene tsiku likuyendera, n'kupungulirako mabotolo awiri a theka la lita opita nawo kusukulu. Thobwa, tiyi ndi phala lamadzimadzi zimawerengedwa nawo. M'kalatamo angalembe kuti: "Ndamupatsa mabotolo awiri. Loyamba lithe pofika buleki, lachiwiri lithe asanaweruke. Mukamukumbutsa kumwako pang'ono phunziro lililonse likatha, mwandithandiza kwambiri." Kumwa pang'onopang'ono tsiku lonse n'kothandiza kuposa kugugudiza lita yathunthu kumjigo ludzu litafika kale pakhosi, chifukwa pomwe ludzu likumveka thupi limakhala litayamba kale kuuma.

Madziwo akhale owiritsa kapena othira kolorini. Kutsegula m'mimba kumachotsa madzi m'thupi mofulumira kuposa dzuwa la mu Okutobala, ndipo amene anaona mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023, umene unachedwetsa kutsegulira kwa sukulu za mu Lilongwe ndi Blantyre, sangafune kuti mwana wotere azimwera kapu imodzi ndi kalasi yonse pa ndowa yosavundikira. Akatsegula m'mimba kapena kusanza, ayambe Thanzi nthawi yomweyo, ndipo ngati chilichonse chimene wamwa chikubwerera, apite kuchipatala osadikira mawa.

Pempho lachiwiri, la kupuma, ndi lovutirapo kulifotokoza, chifukwa kutopa sikuoneka ndi maso. Selo lofiira labwinobwino limakhala masiku pafupifupi 120. La sikoselo limasweka pakangotha masiku 10 mpaka 20. Mafuta a m'mafupa, amene amapanga magazi, amagwira ntchito usana ndi usiku koma sakwanitsa kubweza onse otayika. Ndiye mwanayo amakhala ndi magazi ochepa moyo wake wonse. Mwana wa msinkhu wake amayenera kukhala ndi himogulobini wosachepera 11.5 akamuyeza, pamene wa sikoselo nthawi zambiri amakhala pakati pa 6 ndi 9, ndipo umenewo ndi mlingo wa tsiku limene ali bwino. Mtima wake umagunda kwambiri kuti magazi ochepawo azungulire thupi lonse. Akafika pageti la sukulu atayenda makilomita awiri kapena atatu, amakhala atagwira kale ntchito imene anzake sanaimve n'komwe. Chikasu cha m'maso chija chimachokera ku maselo osweka omwewo, si matenda a chiwindi opatsirana, ndipo kuchedwa kukula ndi kutha msinkhu n'chifukwa chakuti mphamvu zambiri za chakudya zimathera kupanga magazi.

Izi sizikutanthauza kuti mwanayo akhale pansi pa mtengo kuyang'anira zikwama za anzake pamene iwo akusewera. Mayi wolemba kalata ayenera kusamala pamenepa, chifukwa mantha akhoza kumulembetsa kuti "asamasewere", ndipo mphunzitsi woopa mlandu adzatsatira mawuwo mpaka mwanayo adzasanduka mlendo pakati pa anzake. Mpira asewere, phada ndi fulaye achite nawo. Kusiyana kwake n'kwakuti amwe madzi asanayambe ndi ali mkati, apume pafupipafupi pamthunzi, ndipo iye mwini akanena kuti basi, pakhale pomwepo, popanda womunena kuti ndi wamantha. Zoyenera kupewa ndi zimene sizilola munthu kuima: mpikisano wothamanga mtunda wautali, kuzungulira bwalo kangapo mokakamizidwa, ndi zilango zogwiritsa thupi. Kukumba dzenje la zinyalala, kutchetcha udzu masana, kugwada padzuwa, kutuntha madzi okolopera makalasi atatu, zonsezi kwa mwana wina ndi zowawa za tsiku limodzi, koma kwa uyu zikhoza kuthera kuwodi ya ana. Mayi woona mtima sapempha kuti mwana wake asamalangidwe akalakwa. Amalemba kuti: "Akapalamula mumudzudzule ngati mwana wanu, koma chilango chake chikhale cholemba kapena chosesa m'kalasi, osati cha padzuwa."

Ku Dedza, kumene tawuni ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, mdani wamkulu mu Juni ndi Julayi ndi chisanu. Asembule ya m'mamawa pabwalo la mame, kalasi ya mawindo opanda magalasi, simenti yozizira yokhalapo ana opanda madesiki, zimenezi n'zokwanira kuyambitsa ululu m'miyendo ndi m'msana. Kalata ipemphe kuti aloledwe kuvala juzi, jekete, masokosi ndi chipewa ngakhale zisakufanana ndi yunifolomu, akhale kutali ndi windo, ndipo ayale kathumba kapena chitenje pansi. M'dzinja akanyowa ndi mvula asakhale ndi malaya onyowa mpaka kuweruka. Mayi wa ku Chikwawa kapena ku Nsanje, kumene mu Okutobala ndi Novembala kumatentha kupitirira madigiri 40, kalata yake idzalemera mbali ya mthunzi ndi madzi, ndipo adzaonjezapo za kudumphira m'madzi ozizira a mumtsinje thupi lili thukuta, chifukwa kusintha kwadzidzidzi koteroko nako kumadzutsa ululu.

Ululu ukayamba m'kalasi, mwana amagwira mwendo, mkono, msana kapena mimba. Palibe bala, palibe chotupa, ndipo mphindi khumi zapitazo amaseka. Apa ndi pamene ana ambiri amatchedwa onama, ndipo n'zopweteka mtima kuti ena amaphunzira kubisa ululu mpaka utafika posapiririka, chifukwa anatopa ndi kukayikiridwa. Mwana amene wakhala ndi matendawa zaka 9 amalidziwa thupi lake kuposa wina aliyense m'chipindamo. Chimene mphunzitsi angachite ndi chapafupi: amugoneke pamalo ofunda ndi abata, amufunditse, amupatse madzi, aike kansalu kofunda pamalo opwetekawo, ndipo amupatse panado pa mlingo umene achipatala analemba ngati mayi anasiya mankhwalawo ndi chilolezo. Madzi ozizira kapena ayezi, zimene anthu amathamangira mwana akabinya mwendo pa mpira, apa zimaonjezera vuto. Kenako aitane kholo. Ngati patha ola limodzi ululu usakutsika, kapena ukukulirakulira moti mwana sangathe kuyenda, akufunika mankhwala amphamvu a kuchipatala, nthawi zina mofini ndi diripi.

Kalata yabwino iyeneranso kunena poyera pamene madzi ndi kupuma zimalekezera. Zimachepetsa mpata woti ululu uyambe, koma sizichiza matendawa, ndipo mwana akhoza kudwala ngakhale mayi ndi mphunzitsi atachita zonse molondola. Choopsa n'chakuti mphunzitsi amene wamva bwino phunziro la madzi akhoza kugoneka mwana pabenchi ndi botolo lake pa tsiku limene amayenera kuthamangira naye kuchipatala.

Chizindikiro choyamba ndi kutentha thupi. Kapamba, amene amasefa tizilombo m'magazi, amawonongeka msanga mwa ana a sikoselo, kawirikawiri asanafike zaka 5. N'chifukwa chake ana aang'ono amamwa penisilini tsiku ndi tsiku. Popanda kapamba wogwira ntchito, tizilombo timene mwana wina angalimbane nato masiku angapo tikhoza kufalikira m'magazi m'maola ochepa. Thupi likafika madigiri 38, kapena likangomveka lotentha pogwira pamene palibe choyezera, mwanayo aonedwe ndi achipatala tsiku lomwelo. Kumupatsa panado n'kudikira kuti tione mawa ndi kumene kwatayitsa ana ambiri, chifukwa panado amatsitsa kutentha koma tizilombo timapitiriza ntchito yake. Malungo nawo ndi oopsa kwa iye, pakuti amaswa maselo ofiira amene ndi ochepa kale.

Chachiwiri ndi chifuwa: kupweteka pachifuwa, kukhosomola, kupuma mofulumira kapena mobanika. Maselo akatseka mitsempha ya m'mapapo, mpweya umachepa m'magazi, ndipo kuchepa kwa mpweyako kumakhotetsa maselo enanso ambiri. Vutoli limadzidyetsa lokha, ndipo ndi limodzi mwa zimene zimapha kwambiri odwala sikoselo. Chachitatu ndi kuyera kwadzidzidzi kwa zikhatho, milomo ndi mkati mwa zikope, pamodzi ndi kulefuka, nthawi zina mimba itafufuma kumanzere chifukwa magazi aunjikana mu kapamba. Mwana wotere amafunika kuikidwa magazi mwachangu. Kwa anyamata pali chinanso chimene manyazi amachibisa, ndicho kuuma kopweteka kwa chokodzera kosachoka. Kukapitirira maola awiri ndi nkhani ya kuchipatala, ndipo ndi bwino mayi apemphe kuti pakhale mphunzitsi wamwamuna amene mnyamatayo angamuuze mosaopa kusekedwa.

Chotsala ndi sitiroko, imene anthu ambiri amaiona ngati matenda a akuluakulu. Kafukufuku wamkulu wa ku America, wochitika kuyeza kwa mitsempha ya m'mutu kusanafalikire, anapeza kuti odwala 11 mwa 100 alionse a mtundu woopsa wa sikoselo ankagwidwa ndi sitiroko asanakwanitse zaka 20, ndipo zaka za kupulayimale zili m'gulu la zoopsa kwambiri. Kukamwa kukapotoka, dzanja likagwetsa cholembera, mwendo ukayamba kukokedwa, mawu akamatuluka osamveka, mutu ukapweteka modzidzimutsa kapena mwana akakomoka, palibe chodikira, ngakhale zizindikirozo zitatha zokha pakapita mphindi zochepa. Mphunzitsi asatume mwana mnzake kukaitana mayi kumunda n'kukhala akudikira. Apeze njinga kapena galimoto, mayi akawapeze kuchipatala. Kalata inene chilolezo chimenechi momveka, pamodzi ndi manambala a foni a anthu awiri ndi dzina la chipatala chimene mwanayo amapitako.

Pali mtundu wina wa sitiroko umene mphunzitsi angauone mayi asanauzindikire. Timitsempha ting'onoting'ono ta mu ubongo timatha kutsekeka popanda kupuwala kulikonse, ndipo zimenezi zimachitikira pafupifupi mwana mmodzi mwa atatu alionse odwala matendawa asanakule. Chimene chimaoneka ndi m'kope: mwana amene ankawerenga bwino wayamba kuiwala, sakutha kutsatira malangizo aatali, zolemba zake zasintha, masamu amene ankakhoza mu temu yatha akumuvuta. N'kosavuta kunena kuti ndi chifukwa cha kujomba, kapena kuti wayamba kupusa. Mayi wochenjera amapempha kuti: "Mukaona kuti kakhozedwe kake katsika mosadziwika bwino, mundiuze msanga kuti ndikawafotokozere adokotala." Pamenepa kalata yasiya kukhala yopempha chabe. Ikumupatsa mphunzitsi ntchito imene ngakhale dokotala sangaigwire, chifukwa dokotala amamuona mwanayo mphindi zochepa pa mwezi.

Chiganizo chija chakuti "si opatsirana" chili ndi mbiri yake. M'midzi ndi m'matauni momwe, mwana wodwaladwala, wowonda, woikidwa magazi kawirikawiri amanenedwa zambiri. Ena amati ndi Edzi, ena amati alipo akumupopa magazi usiku, ena amaloza mayi kuti ndiye anabweretsa tsoka m'banja. Zoona zake n'zakuti mwana amadwala pokhapokha atalandira mbewu ya matendawa kuchokera kwa bambo ndi kwa mayi omwe. Makolo awiriwo nthawi zambiri amakhala athanzi, aliyense atangonyamula mbewu imodzi osadziwa. Pa mimba iliyonse ya banja lotere pali mpata umodzi mwa inayi woti mwana abadwe ndi matendawa, ndipo mpatawo umayambiranso pa mimba iliyonse, moti banja lina likhoza kukhala ndi ana atatu odwala pamene lina lilibe ndi mmodzi yemwe. Mbewuyi ndi yofala kuno chifukwa wonyamula imodzi yokha amatetezekako ku malungo aakulu, ndiye m'madera a malungo anthu otere ankapulumuka n'kubereka. Magazi a ana aang'ono amene anatengedwa m'dziko lonse la Malawi mu 2015 ndi 2016 anaonetsa kuti pafupifupi 9 mwa 100 alionse ananyamula mbewuyi. Kalasi ya ana 90 ikhoza kukhala ndi onyamula asanu ndi atatu, ndipo mwina mphunzitsi mwini ali m'gulu lomwelo. Padziko lonse, ana oposa 500,000 anabadwa ndi matendawa mu 2021, ambiri mwa iwo mu Africa muno kummwera kwa chipululu cha Sahara.

Ngakhale zili choncho, nkhani ya kuuza kalasi ndi ya mwanayo ndi makolo ake. Ana ena amafuna kuti anzawo adziwe, kuti aleke kufunsa za botolo ndi juzi. Ena safuna, ndipo kulengeza dzina lawo pa asembule, ngakhale ndi cholinga chabwino, kumawapatsa dzina lachipongwe limene limawatsata mpaka Sitandade 8. Mayi amufunse mwanayo asanalembe, ndipo alembe zimene agwirizana.

Za kujomba zimafuna mizere iwiri yokha. Mwanayo ali ndi masiku a kiliniki, kaya kuchipatala cha boma lake kapena ku Kamuzu Central ku Lilongwe, kumene amakayezedwa magazi ndi kulandira foliki asidi, mankhwala oteteza malungo, ndiponso kwa amene akuwapeza, hayidulokisiyuliya. Mankhwala otsirizawa amachititsa thupi kupanganso himogulobini wa ukhanda, amene salola wa S kumatana mosavuta. Kafukufuku wotchedwa REACH, amene anachitika ku Angola, Congo, Kenya ndi Uganda n'kusindikizidwa mu 2019, anaonetsa kuti ana a mu Africa omwa mankhwalawa ululu umawagwira mocheperapo, saikidwa magazi kawirikawiri, ndipo imfa zimachepa. Koma ngakhale womwa mankhwalawa amafunabe botolo lake la madzi. Mayi apemphe kuti pakhale mnzake wodalirika wobwereka kope, ndiponso kuti mayeso amene aphonya ali m'chipatala alembe akachira m'malo mopatsidwa ziro. Ndipo kukabwera zogawa mapiritsi a ayironi kusukulu, mwanayu asamwe asanafunse achipatala. Kuchepa kwa magazi kwake sikuchokera ku kusowa ayironi, ndipo amene waikidwa magazi kambirimbiri amakhala nayo yochuluka kale m'thupi.

Kalata yonseyi isapitirire tsamba limodzi, apo ayi siwerengedwa. Zopempha za tsiku ndi tsiku zikhale pamwamba, zizindikiro zothamangira kuchipatala zilembedwe pazokha ndi zilembo zazikulu, ndipo ngati n'kotheka dokotala kapena namwino wa kukiliniki asainepo ndi kudinda chidindo, chifukwa pepala la chidindo limalemekezedwa mu ofesi kuposa la m'kope. Mayi amene kulemba kumamuvuta angapemphe mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lake kuti amulembere, koma akaipereke yekha pamanja, atanyamula buku la kuchipatala la mwanayo, kuti mphunzitsi afunse zimene sanamve.

Kumene makalata otere amafera kawirikawiri ndi mu dirowa. Mphunzitsi wa kalasi amawerenga, amamvetsa, amachita zonse bwino, koma tsiku limene wapita kumaliro kalasi imagwiridwa ndi wina amene sanamvepo kanthu, ndipo wa zamasewero kapena woyang'anira zilango za ochedwa sanauzidwe n'komwe. Choncho makalata akhale awiri, ina ya mphunzitsi wa kalasi, ina ya ahedi, ndipo ahedi apemphedwe kudziwitsa aphunzitsi onse amene amakumana ndi mwanayo. Kakhadi kakang'ono kosainidwa ndi ahedi, kokhala m'thumba la malaya, kamamuthandiza mwana kutuluka kapena kukhala pansi popanda kudzifotokoza pamaso pa kalasi kwa munthu wachilendo. Mu Seputembala, akalowa Sitandade 4, mayi ayeze mwanayo pa sikelo, awerengenso mlingo wa madzi malinga ndi kulemera kwake kwatsopano, aone ngati manambala a foni akadali omwewo, ndipo alembere mphunzitsi watsopanoyo kalata yake.